Kukonzekera Zithunzi Zophimba Misoko mu Filimu ya Mafunso ndi Mayankho

Vuto lake ndi lotani

Banja, gulu la achinyamata kapena kalabu ya alimi ikafuna kujambula filimu yofotokoza nkhani yoona, kawirikawiri imayamba ndi kukhazika munthu pampando n'kumamufunsa mafunso. Munthuyo akhoza kulankhula mphindi 40, pamene filimu ikufunika kukhala ya mphindi 6 zokha. Ndiye kuti mawu ambiri adzatayidwa, ndipo paliponse pamene mwadula n'kulumikiza zotsalazo pamakhala msoko. Khutu nthawi zambiri siliumva msokowo, koma diso limauona. Mutu umene unapendekera kumanzere umangopezeka uli kumanja, dzanja limene linali m'mwamba limazimirira, chonsecho khoma, mtengo ndi mpando zili pomwe zinali. Uku ndiko kudumpha kwa chithunzi, kumene ojambula amakutcha jampu kati. Njira yodziwika yokubisa ndiyo kuika shoti ina pamwamba pa msokowo, mawu a wolankhula akupitirirabe pansi. Mashoti otere onse pamodzi amatchedwa bi-rolo, ndipo shoti yochotsa diso pankhope kwa kanthawi kochepa imatchedwa katawe. Mfundo ya kabuku kano ndi imodzi: mashoti ophimba misoko sayenera kutoledwa mwachisawawa mafunso atatha. Ayenera kuchokera m'mawu a wofunsidwayo, ayenera kuwerengedwa musanachoke pamalopo, ndipo shoti iliyonse iyenera kukhala umboni wa zimene zikunenedwa.

Tiyambe ndi chifukwa chimene kudumpha kumasokonezera woonera. Diso limalandira kusintha kwakukulu popanda vuto. Mukachoka pa shoti yoonetsa munthu yense n'kupita pa nkhope yake yokha, woonera amaona ngati wangosendera pafupi. Koma mashoti awiri akafanana pafupifupi m'zonse n'kusiyana pang'ono pokha, woonera samaona malo atsopano, amangoona kuti chinachake chaduka. N'chifukwa chake ojambula ali ndi lamulo lakale lakuti pojambula munthu yemweyo kawiri, kamera isunthe madigiri osachepera 30 kapena kukula kwa munthuyo m'chithunzi kusinthe moonekeratu. Pamenepa tikuona kuti msoko uli ndi mankhwala atatu: kusintha kukula kwa shoti, kusintha mbali imene kamera yaima, kapena kuchoka pankhope n'kuonetsa chinthu china. Mankhwala atatu onsewa amakonzedwa tsiku lojambula. Wolumikiza filimu pakompyuta amangosankha pa zimene wapatsidwa, sangaumbe shoti imene sinajambulidwe. Choncho vuto limene limaonekera polumikiza limabadwira kumudzi kumene kamera inali, ndipo kumeneko n'kumene liyenera kuthetsedwa.

Chithunzi chophimba sichikhala chete

Ambiri akamaliza mafunso amazungulira pakhomo n'kujambula chilichonse chooneka bwino, monga nkhuku, mitambo, ana akusewera ndi utsi wa kukhitchini. Amaganiza kuti popeza ntchito ya mashotiwa n'kubisa msoko, iliyonse ikhoza kugwira ntchitoyo. Maganizo amenewa ndi olakwika chifukwa woonera samasiyanitsa chithunzi ndi mawu amene akumva. Cha m'ma 1920, mphunzitsi wa za mafilimu wa ku Russia, Lev Kuleshov, anaonetsa kuti shoti imodzimodzi ya nkhope ya munthu imamveka mosiyana malinga ndi chimene mwaiyandikiza nacho: pafupi ndi mbale ya chakudya anthu amaonapo njala, pafupi ndi bokosi la maliro amaonapo chisoni. Zimenezi zimachitikanso pakati pa mawu ndi chithunzi. Mayi akamanena kuti dongo labwino amakakumba kudambo, inu n'kuonetsa nkhuku, woonera amataya kamphindi kufunafuna chimene nkhuku yabwerera, ndipo mawu ofunika amamudutsa. Choipa kwambiri n'chakuti mayiyo akamadandaula kuti abambo ena sathandiza ntchito, inu n'kuphimba msoko ndi shoti ya bambo woyandikana naye atakhala pakhonde, mwamuneneza bamboyo pamaso pa mudzi wonse pa mlandu umene sanautchulidwe. Shoti yophimba imalankhula, mufune musafune, ndipo n'kwabwino kusankhiratu chimene idzanene.

Kuwerenga misoko musanajambule

Kuti mfundoyi ioneke bwino, titenge chitsanzo chimodzi n'kuyenda nacho mpaka kumapeto. Tiyerekeze kuti gulu likujambula filimu ya mphindi 6 yonena za mayi woumba mbaula zadongo zosatha nkhuni, ndipo mafunso atenga mphindi 40. Pa mphindi 40 zimenezo mwina mudzasankhapo zigawo 14 za mawu ake, zomwe zikalumikizidwa zimapereka misoko 13. M'kati mwa zigawozo mudzachotsanso mobwereza mawu, mokhosomola, molowerera funso lanu ndi mopatuka nkhani, ndipo zimenezi zikhoza kuwonjezera misoko 11. Yonse pamodzi ndi 24. Ngati munasintha kukula kwa shoti pakati pa mafunso, misoko 6 kapena kuposerapo idzabisika yokha. Yotsala 18 ikufuna chophimba. Ina idzafuna shoti imodzi, ina mashoti awiri kapena atatu otsatizana, choncho mukufunika mashoti abwino pafupifupi 30. Iliyonse ikakhala masekondi 4 mu filimu, ndiye masekondi 120, kapena kuti gawo limodzi mwa magawo atatu a filimu yonse. Manambalawa ndi a chitsanzo chino chokha, koma kawerengedwe kake mungakagwiritse ntchito pa filimu iliyonse.

Mashoti 30 abwino sapezeka pojambula mashoti 30. Ina imagwedera, ina imachita mdima, ina imafanana ndi inzake, ndipo ina imakhala yabwino koma yosagwirizana ndi mawu amene mwasankha. Njira yotetezeka ndiyo kujambula katatu kuposa chimene mukufuna. Pa chitsanzo chathu ndi mashoti 90, ndipo iliyonse ikakhala ya masekondi 10, zonse pamodzi ndi mphindi 15 zokha m'foni kapena m'kamera. Musanyengeke ndi kuchepa kwa mphindizo. Kuti muzipeze muyenera kusuntha, kuika kamera bwino, kudikira kuti ntchito ifike pamene mukufuna, ndipo zimenezi zimadya maola awiri kapena atatu. Apa ndi pamene magulu ambiri amalakwitsa pogawa tsiku. Amapereka m'mawa wonse ku mafunso n'kusiya theka la ola la mashoti ophimba, dzuwa litakwera, batire litatsala pang'ono, wofunsidwa atatopa ndipo akufuna kukaphika. Muuzeni mwini nkhaniyo pasadakhale kuti mafunso ndi gawo laling'ono la tsikulo, ndipo nthawi yaikulu idzakhala yomutsatira akugwira ntchito yake.

Mindandanda iwiri

Mndandanda woyamba umalembedwa tsiku lojambula lisanafike. Pitani kapena imbani foni, mumufunse mayiyo kuti ntchito yake imayenda bwanji kuyambira poyamba mpaka pomaliza, ndipo mulembe sitepe iliyonse: kukumba dongo, kulisunga kuti lifewe, kuliponda ndi kuchotsamo timiyala, kuliika m'chikombole, kusalaza, kuboola khomo la nkhuni, kumata zokhazikapo poto ndi zogwirira, kuumitsa pamthunzi, kuotcha mu uvuni, kugulitsa ndi kuphikirapo. Kenako pa sitepe iliyonse funsani kuti imachitika liti komanso kuti. Funso limeneli limavumbula chimene chingakugwetseni. Mbaula youmbidwa lero siingaotchedwe lero, chifukwa imafunika kuuma kwa masiku ambiri, ndipo gulu limaotcha pokhapokha zitakwana zambiri. Mukabwera tsiku limodzi osafunsa, mayiyo adzafotokoza bwino za moto wa mu uvuni ndi za mbaula zimene zimaphulika, koma inu simudzakhala ndi chithunzi ngakhale chimodzi cha zimenezo. Mukadziwiratu, mukhoza kusankha tsiku loumba limene lili pafupi ndi tsiku lootcha, kapena kukonzeratu ulendo wachiwiri. Pa nthawi yomweyi pemphani chilolezo kwa onse amene adzaoneke, ndiponso kwa makolo a ana amene angalowe m'chithunzi.

Mndandanda wachiwiri ndi umene uli wofunika koposa, ndipo umalembedwa mafunso ali m'kati. Wofunsa sangalembe, chifukwa maso ake ayenera kukhala pa wolankhula. Pakhale munthu wina ndi kope, ntchito yake ikhale yolemba chinthu chilichonse chogwirika, malo aliwonse ndi ntchito iliyonse imene mayiyo watchula, makamaka zimene simunaziyembekezere. Akati anayamba kuumba pofuna fizi ya mwana, wolemba alembe yunifomu, kope la sukulu, njira ya kusukulu. Akati chikombole choyamba anachita kubwereka ndipo chikadalipo, alembe chikombole chakale. Akati dongo la mchenga wambiri amalizindikira polifinya m'manja, alembe dzanja likufinya dongo. Mafunso akatha, khalani pansi mphindi 10 n'kuphatikiza mindandanda iwiriyi, ndipo muike chizindikiro pa mawu amene mukudziwa kale kuti adzalowa mu filimu. Amenewo ndi oyamba kujambulidwa. Ichi n'chifukwa chake ndi bwino kuyamba ndi mafunso kenako mashoti ophimba. Mukayamba ndi mashoti mumajambula zimene inu mukuganiza kuti ndiyo nkhani. Mukayamba ndi mafunso mumajambula zimene mwini wake wanena.

Zochita pampando womwewo

Pali ntchito zina zochepetsa misoko zimene zimachitika munthu akadali pampando. Yoyamba ndiyo kusintha kukula kwa shoti pamene funso likufunsidwa, osati pamene akuyankha. Yankho lina mulijambule kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba, lotsatira kuyambira pamapewa, ndipo mafunso okhudza mtima muwasungire shoti yapafupi. Mukadzalumikiza mayankho awiri osiyana kukula, msoko udzaoneka ngati wadala. Yachiwiri ndiyo kujambula mu 4K ngati filimu idzatuluke mu 1080p. Chithunzi cha 4K ndi cha 3840 × 2160 pamene cha 1080p ndi cha 1920 × 1080, choncho polumikiza mukhoza kuchikulitsa mpaka kuwirikiza kawiri osataya kuoneka bwino. Koma kukulitsako kukhale koonekeratu. Kukulitsa pang'ono, monga kufika pa 110%, kumaoneka ngati kamera yagwedezeka, pamene 140% kapena 150% imaoneka ngati shoti ina. Yachitatu ndiyo kupempha onse kuti akhale chete kwa mphindi imodzi mafunso akatha, maikolofoni ili pomwe inali, kuti mujambule phokoso la malowo. Mphepo, mbalame ndi kulira kwa chigayo chakutali zimene mudzapeze pamenepo ndizo zidzadzaze mipata ya mawu. Onetsetsaninso kuti mafunso ndi mashoti ophimba zonse zajambulidwa pa liwiro limodzi. M'maiko amene magetsi ake ndi a 50 Hz, monga Malawi ndi Zambia, 25 fps imathandiza kuti kuwala kwa mababu kusaphethirephethire, koma mafoni ambiri amabwera atatcheredwa pa 30 fps.

Kajambulidwe ka mashoti ophimba

Ntchito iliyonse imene ili pa mndandanda muijambule ngati kankhani kakang'ono, osati shoti imodzi. Njira yosavuta kukumbukira ndi ya mashoti asanu, imene mphunzitsi wa atolankhani a kanema Michael Rosenblum anaitchukitsa. Poumba mbaula, shoti yoyamba ndi ya manja okha akukanikiza dongo m'chikombole. Yachiwiri ndi ya nkhope ya mayiyo atayang'ana pa ntchito yake. Yachitatu ndi yapatali, yoonetsa iye, chikombole ndi malo onse. Yachinayi ndi yochokera kumbuyo kwa phewa lake, yoonetsa zimene iye akuona. Yachisanu ndi yochokera mbali yachilendo, monga pansi penipeni kapena pamwamba. Ubwino wa dongosololi ndi wakuti mashoti asanuwa amasiyana mokwanira moti akhoza kutsatizana popanda iwonso kudumpha. Munthu amene wajambula mashoti 10 onse apatali, ataima malo amodzi, wangosamutsa vuto: adzabisa msoko wa mafunso n'kupanga msoko wina m'mashoti ophimbawo. Mashoti apafupi ndi amene amapulumutsa wolumikiza, chifukwa saonetsa zambiri zimene zingatsutsane ndi shoti yotsatira. Pa mashoti 90 aja, oposa theka akhale apafupi.

Shoti iliyonse muigwire masekondi 10 osasuntha kamera, muziwerenga mumtima. Masekondi oyamba ndi omaliza nthawi zambiri amaonongeka ndi kugwedera kwa chala chodina, ndipo apakati ndi amene amagwira ntchito. Lolani kuti ntchito ithe yokha m'chithunzi: dzanja lilowe, lichite, lituluke. Mayiyo akanyamula mbaula kupita nayo pamthunzi, mlekeni atuluke m'chithunzi, chifukwa malo akatsala opanda munthu mukhoza kupita ku nthawi ina iliyonse popanda kudumpha. Khalani mbali imodzi ya ntchitoyo. Ngati mu shoti yoyamba akuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, inu n'kuolokera mbali inayo, mu shoti yachiwiri adzaoneka ngati wabwerera. Samalani pakamwa. Shoti imene mayiyo akuoneka akulankhula siingaikidwe pamwamba pa mawu ake a m'mafunso, chifukwa milomo ndi mawu sizidzagwirizana, choncho inu ojambula musamacheze naye pamene kamera ikujambula. Yang'aniraninso chitenje, duku ndi kuwala. Mashoti a ntchito imodzi amene mudzawatsatanitse ayenera kukhala a zovala zofanana ndi dzuwa lofanana. Pa ulendo wachiwiri wokajambula kuotcha zovala zikhoza kusiyana, popeza woonera akumvetsa kuti limenelo ndi tsiku lina.

Msoko umodzi kuuyendera wonse

Tiyerekeze kuti mayiyo wanena kuti: "Dongo likakhala ndi mchenga wambiri, mbaula imang'aluka." Kenako wapatuka kwa masekondi 50, kufotokoza za mvula ya chaka chatha ndi mlamu wake amene anadwala, n'kubwerera kunena kuti: "Ndiye ndimayamba ndalifinya m'manja, likamatirira ndimadziwa kuti ndi labwino." Mukufuna ziganizo ziwirizi zokha. Yambani ndi mawu, chithunzi chibwere pambuyo. Dulani pamene chiganizo choyamba chatheradi. M'Chichewa khutu limathandiza, chifukwa pothera mawu timakoka pang'ono silabulo yotsatizana ndi yomaliza. Mukadula pamene kukokako kulibe, womvera amamva kuti munthuyo anali asanamalize. Siyani kampata kopumira ngati theka la sekondi, mukadzaze ndi phokoso la malo lija, ndipo musalaze polumikizira mawu ndi mafulemu awiri kapena anayi. Ngati tambala anayamba kulira kumapeto kwa chiganizo choyamba n'kuduka pakati, chithunzi chilichonse chimene mungaike sichidzabisa msokowo. Pamenepo muyenera kusuntha podulira kapena kusankha pamene ananena mawu omwewo kachiwiri.

Mawu akamveka bwino, ikani zithunzi pa mzere wa pamwamba, umene m'mapulogalamu ambiri umalembedwa V2, mafunso akhale pa V1. Chigamba chabwino chimakhala chachikulu kuposa chiboo, ndipo shoti yophimba nayonso iyenera kuyamba msoko usanafike ndi kutha utadutsa. Pa chitsanzo chathu, shoti ya mbaula yong'aluka ilowe pa mawu akuti "mbaula imang'aluka", masekondi awiri msoko usanafike. Pa msoko penipeni, kapena kutsogolo pang'ono, ilowe shoti ya dzanja likufinya dongo, ikhale masekondi atatu kapena anayi. Nkhope ibwerere pa mawu akuti "ndimadziwa kuti ndi labwino", chifukwa pamenepo mayiyo akulankhula monga katswiri ndipo woonera akufuna kumuona. Phokoso la dongo likufinyidwa mulisiye limveke pansipansi, kuti chithunzi chisaoneke ngati chomata. Taonani kuti mashoti awiriwa anachokera pa mndandanda wachiwiri. Popanda mndandandawo mukanaphimba msokowu ndi mitambo. Chizindikiro cha chophimba chosakonzekera n'chosavuta kuchiona: shoti ya sekondi imodzi yongothwanima n'kuzimirira, nkhope n'kubwerera itakhala mwina. Woonera aliyense amadziwa kuti pamenepo pabisidwa kanthu.

Zimene ena amatsutsa

Wina anganene kuti kudumpha kwa chithunzi kulibe vuto masiku ano. Jean-Luc Godard anakugwiritsa ntchito mwadala mu filimu yake ya 1960, À bout de souffle, ndipo anthu olankhula pa YouTube amadula mawu awo poyera tsiku ndi tsiku. Wina angawonjezere kuti kusiya msoko poonekera n'chilungamo, chifukwa woonera amadziwa kuti mawu adulidwa. Mfundo imeneyi ili ndi mphamvu, ndipo pali malo amene ndi yoona. Ngati munthu akupereka umboni pa mlandu, kapena akuyankha zimene akumuneneza, ndi bwino kuonetsa podula, ngakhale ndi mdima wa kamphindi, kusiyana n'kupangitsa anthu kuganiza kuti analankhula mosadukiza. Koma pali kusiyana pakati pa munthu wodula mawu ake omwe ndi inu amene mukudula mawu a mayi wachikulire. Misoko 24 yoonekera m'mphindi 6 imamuonetsa ngati wosakhazikika, pamene iye analankhula modekha. Chachikulu n'chakuti amene ali ndi mashoti okwanira akhoza kusankha kusiya msoko poyera pamene kutero kuli koyenera. Amene alibe mashoti alibe chosankha.

Chotsutsa chachiwiri n'chakuti kukonzekera kumasandutsa filimu yoona kukhala sewero. Ngati mwapempha mayiyo kuti afinye dongo chifukwa munalemba pa mndandanda, kodi zimenezo n'zoona? Yankho lili pa malire amene muyenera kuwasunga. Kupempha munthu kuti achite pamaso pa kamera ntchito imene amachita nthawi zonse, m'malo mwake, ndi zipangizo zake, si bodza. Bodza limayamba mukamupempha chimene sachita, mukabwereka mbaula za gulu lina kuti zake zioneke zambiri, kapena mukaonetsa dambo lina ngati kuti ndi kumene amakumba. Malire ena okhudza chilungamo ali m'mawu. Popeza shoti yophimba imabisa podula, imathanso kubisa chinyengo, monga kulumikiza theka la yankho lina ndi theka la linzake kuti munthu anene chimene sananene. Muyeso wake ndi uwu: mwini mawu ataonera, kodi angavomere kuti ndi zimene ankatanthauza? Ngati mukukayika, msokowo suyenera kuphimbidwa, uyenera kumasulidwa.

Chachitatu chimachokera kwa odalira zipangizo. Iwo amati kamera yachiwiri imathetsa zonse, kapena pulogalamu ikhoza kusalaza msoko yokha, monga Morph Cut mu Adobe Premiere Pro, Smooth Cut mu DaVinci Resolve ndi Flow mu Final Cut Pro. Kamera yachiwiri imathandizadi, bola ikhale kutali ndi yoyamba madigiri 30 kapena kuposerapo, zonse ziwiri zili mbali imodzi ya mzere wa pakati pa wofunsa ndi wofunsidwa. Koma imangopereka nkhope yomweyo kuchokera mbali ina, ndipo mukamasintha kamera pa msoko uliwonse woonera amazindikira msanga. Zosalaza za m'mapulogalamu zimagwira ntchito pamene mutu sunasunthe kwambiri ndipo kumbuyo kuli bata. Munthu wolankhula ndi manja, atakhala panja pamene masamba akugwedezeka, amatuluka nkhope itasungunuka. Ndipo ngakhale zitagwira bwino, palibe kamera yachiwiri kapena pulogalamu imene ingaonetse woonera mng'alu wa mbaula. Zipangizozi zimabisa chabe, pamene shoti yokonzekera imabisa n'kuphunzitsanso.

Pali chotsutsa chachinayi chimene chiyenera kuvomerezedwa kwathunthu: mashoti ophimba akachuluka amabera filimu nkhope ya munthu. Claude Lanzmann, mu Shoah, filimu ya 1985 yotalika maola oposa 9 yonena za kuphedwa kwa Ayuda m'nthawi ya Anazi, sanagwiritse ntchito zithunzi zakale za nthawi ya nkhondo. Pamene Abraham Bomba, wometa tsitsi amene anapulumuka ku Treblinka, akulephera kupitiriza kulankhula, kamera imakhalabe pa iye. Phunziro lake kwa ife n'lakuti pokonzekera muyenera kulembanso malo amene simudzaphimba. Mayi wathu akamanena za tsiku limene analipira fizi ya mwana ndi ndalama za mbaula, mawu ake n'kunjenjemera, musadule m'kati mwa chigawo chimenecho ngakhale akhale chete masekondi angapo. Misoko muikankhire kutsogolo ndi kumbuyo kwake. Shoti ya yunifomu ibwere chigawocho chisanayambe kapena chitatha, koma pakati pakhale nkhope.

Kuyesa ntchito yanu

Musanachoke pamalo ojambulira, khalani pamthunzi ndi mindandanda yanu, muonere mashoti amene mwajambula ndi kuchonga chimodzichimodzi. Pa mawu aliwonse amene munaikapo chizindikiro payenera kukhala shoti yapafupi ndi yapatali zosagwedera. Chimene chikusowa muchijambule pomwepo, chifukwa kubwereranso kumadya ndalama ya ulendo, ndipo dongo, dzuwa ndi zovala sizidzakhala monga zinalili. Filimu ikalumikizidwa, iyeseni kawiri. Poyamba imvereni mutatsinzina. Paliponse pamene khutu lamva kuduka, konzani mawu, chifukwa chithunzi sichingachize zimenezo. Kachiwiri ioneni mutatseka mawu, ndipo pa shoti iliyonse yophimba mudzifunse kuti ikuonetsa chiyani chimene wolankhula akunena pamenepo. Ikakhala yopanda yankho, ichotseni n'kuika ina, kapena musinthe kukula kwa shoti, kapena musiye msokowo poyera. Pomaliza muonetse filimuyo kwa mwini nkhani isanapite kwa anthu. Iye ndi amene angakuuzeni ngati dambo limene mwaonetsa ndi lake, ngati masitepe a ntchito atsatana moyenera, ndiponso ngati mawu amene mwalumikiza akunenabe zimene iye ananena.